Momwe mungalembere sitetasi yotsatsa makeke yoti makasitomala aziigawa okha

Sitetasi ya pa WhatsApp imakhala maola 24 basi, ndipo amene amaiona ndi okhawo amene munasungirana nawo manambala, inu yawo, iwo yanu. Ambiri mwa anthu amenewa amadziwa kale kuti mumaphika makeke. Wogula watsopano amabwera pamene mmodzi wa iwo wajambula sikirinishoti ya sitetasi yanu n'kutumizira mnzake amene akukonza phwando la mwana. Choncho polemba, muziganiza za munthu wachiwiriyu. Sakudziwani, alibe nambala yanu, ndipo m'manja mwake muli chithunzi chimodzi chokha.

1. Sankhani keke imodzi ndi tsiku limodzi

Sitetasi yonena kuti "timapanga makeke amitundu yonse, aukwati, atsiku lobadwa ndi makapukeke" imawerengedwa n'kuiwalika, chifukwa wowerenga sapeza munthu weniweni woti amutumizire. Koma mukalemba za keke ya chokoleti yokwanira anthu 20, yomwe idzakhale itapsa Loweruka, wina amakumbukira nthawi yomweyo mchemwali wake amene ali ndi alendo Loweruka lomwelo. Anthu amagawa uthenga akauona ngati yankho la vuto la munthu amene amamudziwa.

Musanalembe, werengani makeke amene uvuni wanu ndi manja anu angakwanitse tsikulo. Ngati ndi 6, lembani 6.

2. Mfundo zonse zikhale pachithunzi penipeni

Apa ndi pamene ambiri amataya makasitomala. Amaika chithunzi chokongola, pansi n'kulemba "ndipezeni ku inibokosi". Chithunzicho chikangochoka m'foni mwanu, inibokosi imeneyo palibe amene angaipeze. Mawu a pansi pa chithunzi amathanso kutsala wina akangosunga chithunzicho n'kuchitumiza chokha, ndipo akatalika WhatsApp imawadula, ena n'kubisika. Linki nayo ikalowa mu sikirinishoti imasanduka chithunzi, siidinikanso.

Ndiye pachithunzi pomwepo lembanipo zinthu izi: dzina limene anthu amakudziwani nalo pa bizinesi, mtundu wa keke ndi kukula kwake, mtengo, tsiku lomaliza kupereka oda, dera limene keke ikatengedwe, ndi nambala ya foni. Adiresi ya nyumba yanu musaiike, chifukwa simudziwa kumene chithunzicho chikafike. Dera lokha ndi lokwanira, zina mudzauza amene wapereka oda.

Chithunzi chikhale choimirira, cha muyezo wa 9:16, monga 1080 x 1920, kuti chidzaze sikirini. Mawu muwaike chapakati. Kumtunda kwenikweni kumakhala dzina lanu ndi timizere ta sitetasi, kumunsi kumakhala malo oyankhira, ndipo nambala ikagwera m'malo amenewa imaphimbika. Zilembo zikhale zamtundu umodzi, zoyera pamalo akuda kapena zakuda pamalo owala. Zilembo zopindikapindika zimaoneka bwino m'foni mwanu, koma chithunzi chikatumizidwa kangapo chimafooka, ndipo 3 amayamba kuoneka ngati 8.

Kekeyo muijambule masana pafupi ndi zenera, tochi ya kamera itazimitsidwa, chifukwa kuwala kwa tochiko kumanyezimiritsa kirimu n'kumuonetsa ngati akusungunuka. Ngati mungathe, dulani chidutswa chimodzi muchiike pambali. Munthu akaona mkati mofewa ndi mzere wa kirimu pakati pa zigawo ziwiri amakhulupirira kwambiri kusiyana ndi kuona maluwa apamwamba okha. Chithunzicho chikhale cha keke yanu. Cha pa intaneti chimabweretsa oda yoyamba, koma kasitomala akatsegula bokosi n'kupeza zosiyana, amene achite manyazi ndi mnzake amene anamutumizira uthenga uja, ndipo sadzakugawiraninso.

3. Lembani mawu ochepa, omveka ngakhale patapita masiku

Taonani sitetasi yomwe imaoneka kawirikawiri:

"Makeke okoma zedi alipo!!! Mitengo yabwino. Mawa tikuphika, fulumirani. Ndithandizeni kugawa chonde."

Munthu wachiwiri uja sakudziwa kuti keke yake ndi yotani, ndi yaikulu bwanji, mtengo wabwinowo ndi wotani, ndipo "mawa" ndi liti. Sikirinishoti imatha kumufika Lamlungu, inu mutaphika dzulo lake. Mawu akuti lero, mawa ndi sabata ino asapezeke mu uthenga umene mukufuna kuti uyende. Lembani dzina la tsiku ndi deti.

Uthenga womwewo ukakonzedwa umakhala chonchi:

Keke ya chokoleti ya Loweruka pa 14 Juni
Yozungulira, masentimita 20, zigawo 2, yokwanira anthu pafupifupi 20
Dzina tikulemberani pamwamba osaonjezera ndalama
Mtengo: (apa muike mtengo wonse)
Tiphika makeke 6 okha. Oda itseka Lachinayi pa 12 Juni, 6 koloko madzulo, mutapereka theka la mtengo
Kotengera: (dera lanu). Foni: (nambala yanu)

Mizere 6, ndipo palibe funso lalikulu lomwe latsala. Kukula kwa keke kwanenedwa pawiri, m'masentimita ndi m'chiwerengero cha anthu, chifukwa wogula wamba sadziwa kuti masentimita 20 ndi chiyani, koma alendo ake amawadziwa kuchuluka kwawo. Mawu akuti "pafupifupi" alipo chifukwa kadulidwe kamasiyana.

Ophika ambiri amaopa kulemba mtengo poganiza kuti anzawo apabizinesi awaonera kapena kuti ogula athawa. Ife tikuti lembani. Munthu amachita manyazi kutumizira mnzake chinthu chimene sakudziwa ngati mnzakeyo angachikwanitse, ndipo mlendo safuna kufunsa mtengo kwa munthu wosamudziwa kenako n'kusowa potulukira. Ngati mtengo umasintha malinga ndi zokongoletsa, lembani "kuyambira" ndipo mutchule chimene chili mu mtengo woyambirawo. Ngati kukasiya keke kunyumba kwa wogula kuli ndi mtengo wake, nenani pomwepo. Ndalama yotulukira kumapeto ndi imene imayambanitsa anthu.

Za makeke 6 zikhale zoona. Mukalemba "atsala 2 okha" sabata iliyonse, anthu amazindikira msanga.

4. Mupatseni wogawayo chifukwa

"Ndithandizeni kugawa" ndi pempho lolemetsa wowerenga. Achibale angakuchitireni kamodzi kapena kawiri, kenako amatopa. Mzere wabwino umamukumbutsa munthu wina: "Muli ndi mnzanu amene ali ndi tsiku lobadwa mwezi wa Juni? Mutumizireni ichi." Wogawayo amamva kuti akuthandiza mnzake.

Mukafuna kuthokoza ogawa, lumikizani mphatso ku oda yomwe yalipiridwa. Mwachitsanzo, wogula watsopano akatchula dzina la amene anamutumizira, wotumizayo adzalandire makapukeke 2 pa oda yake yotsatira. Makapukeke 2 amachokera pa zotsala za msakanizo womwe mwakonza kale, pomwe kuchotsera mtengo kumadya phindu lanu mwachindunji. Pewani zoti "gawani m'magulu 10 kuti mupate keke". Simungathe kutsimikizira amene wagawadi, WhatsApp imangolola kutumiza uthenga kwa anthu kapena magulu 5 pa nthawi imodzi, ndipo anthu a m'magulumo amayamba kuona dzina lanu ngati chosokoneza.

5. Konzani njira yosavuta kugawira

Kuwonjezera pa nambala yolembedwa pachithunzi, ikani linki m'mawu a pansi kuti amene walandira uthenga wathunthu angodina n'kufika kwa inu osasunga nambala:

```
https://wa.me/NAMBALA?text=Ndikufuna%20keke%20ya%20Loweruka
```

Pamene palembedwa NAMBALA muike nambala yanu kuyambira ndi khodi ya dziko, popanda chizindikiro cha +, popanda 0 woyambirira, popanda mipata kapena timizere. Chizindikiro cha %20 chikuimira mpata pakati pa mawu. Linki ikakana, nthawi zambiri vuto limakhala 0 uja amene watsalira pambuyo pa khodi. Ubwino wina ndi wakuti uthenga ukafika uli ndi mawu akuti "Ndikufuna keke ya Loweruka", mumadziwa kuti munthuyo wachokera ku sitetasi imeneyi.

Si aliyense amene amadziwa kugawa sitetasi ya munthu wina. Makasitomala 5 kapena 10 amene anakondwera ndi keke yanu muwatumizire chithunzicho mwachindunji, aliyense payekha, ndi moni womutchula dzina. Uthenga umene uli kale m'macheza awo ndi wosavuta kuutumiza kwina kapena kuuika pa sitetasi yawo. Amene sanayankhe musamuumirize.

6. Yesani pa foni ina musanaike

Tumizani chithunzicho kwa munthu wa m'nyumba mwanu, ajambule sikirinishoti, akubwezereni. Kenako muonetseni wina amene sanaone mukulemba, kwa masekondi 5 okha, mumufunse: ndi keke yanji, ndi ndalama zingati, itseka liti, aimbire ndani? Akalephera funso limodzi, mawu achuluka kapena zilembo zachepa. Nambala muiwerenge mokweza, chifukwa nambala imodzi yolakwika imatumiza makasitomala anu kwa munthu wina sabata yonse inu osadziwa.

Pa keke ya Loweruka yomwe oda yake itseka Lachinayi, ikani sitetasi Lolemba kapena Lachiwiri, kuti uthenga ukhale ndi masiku oyendera. Muikenso Lachitatu ndi Lachinayi m'mawa poti yoyamba ija ikhala itazimiririka. Tsiku limenelo musaunjike zithunzi 15 pa sitetasi. Anthu amangodina mofulumira kuti zithe, ndipo chotsatsa chanu chimadutsa osawerengedwa. Chithunzi chotsatsa chikhale choyamba, chotsatira chikhale chimodzi kapena ziwiri, monga mawu oyamikira a kasitomala amene mwamupempha chilolezo, dzina ndi nambala yake zitabisidwa. Keke yolembedwa dzina la mwana wa munthu nayonso imafunika chilolezo cha makolo ake.

Chiwerengero cha oona sitetasi chisakupusitseni, sichisonyeza amene agawa, ndipo amene anazimitsa zosonyeza kuti awerenga saonekamo. Funsani wogula watsopano aliyense kuti anamva kwa ndani, mulembe m'kope. Ngati oona ndi ambiri koma ofunsa palibe, yang'anani mtengo ndi chithunzi. Ngati ofunsa ndi ambiri koma onse akufunsa funso lofanana, monga "mumapezeka kuti?", ndiye kuti mfundo imeneyo yasowa kapena yabisika pachithunzi, muikonze pa sitetasi yotsatira.

Makeke 6 aja akakwana, chotsani sitetasiyo muike ina yonena kuti oda ya pa 14 Juni yadzaza ndipo yotsatira ndi ya pa 21 Juni. Masikirinishoti akale adzapitirira kuyenda, ndipo ena adzakulemberani mochedwa. Konzeranitu yankho lalifupi lowathokoza, lowafunsa amene anawatumizira, ndi lowapatsa malo pa tsiku lotsatiralo.