Mwalemba kutentha pa khadi, koma nthawi mwaisiya kuti?

Nyengo ino alimi ambiri amene ali ndi makina oswetsa mazira aika tizipangizo tolemba kutentha pa khadi la SD, ndipo ambiri mwa makhadi amene andionetsa ali ndi vuto limodzi lomwelo. Fayilo ili ndi manambala okhaokha, 37.6, 37.5, 37.7, mpaka mizere masauzande, koma palibe mzere ndi umodzi womwe wonena tsiku kapena ola limene nambalayo inalembedwa. Ena ayesako kulemba nambala ya mzere. Ena alemba zimene `millis()` ya Arduino yawapatsa, n'kumaganiza kuti imeneyo ndi wotchi. Si wotchi ayi. Imangowerenga nthawi kuyambira pamene kachipangizoko kayaka, ndipo magetsi akangozima n'kuyakanso, imayambiranso pa 0.

Za kulumikiza mawaya a sensa ndi a khadi sindinenapo, poti amene wafika polemba manambala pa khadi zimenezo anazidutsa kale. Chimene chikundiwawa n'chakuti ntchito yonseyo mwaigwira bwino, koma fayilo yanu ikulephera kuyankha funso limene munaikira kachipangizoko.

Taganizani chifukwa chimene munthu amaikira chipangizo chotere. Mazira a nkhuku amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 37.5 kwa masiku 21. Masana mumasuzumira nokha n'kuona kuti zonse zili bwino. Chimene simukuona ndi cha usiku, kapena cha pamene mwachokapo. Ndiye makinawo ndi kachipangizo kolemba kaja nthawi zambiri zimadya magetsi a pa soketi imodzi. Magetsi akapita, zonse ziwiri zimazimira limodzi. Mazira akuzizira, kachipangizo kali chete. Magetsi akabwera kamadzuka n'kupitiriza kulemba pa mzere wotsatira ngati kuti palibe chachitika. Mukatsegula fayilo mumapeza zotere:

```
37.6
37.5
24.8
27.9
31.2
```

Mukuona kuti panazizira, inde. Koma kwa nthawi yaitali bwanji? Apa ndiye pagona nkhani. Makina akazima, kutentha kwa m'kati kumatsika mpaka kufanana ndi kwa m'chipindamo, kenako kumaima pomwepo. Ngati m'chipinda muli madigiri 24, nambala ya 24.8 ija mukhoza kuipeza patatha maola anayi, mukhozanso kuipeza patatha maola khumi ndi awiri. Nambala ndi yomweyo, koma kwa mwanapiye ali m'dzira kusiyana kwake n'kwakukulu. Mazira amapirira kuzizira kwa kanthawi. Nkhuku yofungatira nayonso imachokapo kukadya n'kubwerera. Chimene chimachedwetsa kuswa kapena kupha anapiye ndi kuzizira kokhalitsa, makamaka kukamabwerezedwa. Fayilo yopanda nthawi singakuuzeni kuti mwa ziwirizi chakuchitikirani ndi chiti.

Tchati ndiye chimanamiza koposa. Mukatenga manambala amenewa n'kuwajambula, pulogalamu imaika mzere uliwonse motalikirana mofanana ndi unzake. Maola onse amene kachipangizo kanali kozima sapezeka paliponse. Mumangoona mzere wowongoka bwino, kenako kakutsika kakang'ono kosongoka, n'kukweranso. Munthu akayang'ana amati, “Aa, apa mwina ndi pamene ndinatsegula chitseko potembenuza mazira.” Chonsecho usiku wonse wabisala m'kakutsika kameneko.

Mayi wina amene amaweta nkhuku anabwera ndi khadi lake atadandaula kuti mazira ambiri asukusa, ndipo amene anaswa anachedwa, ena n'kufera m'chikamba. Anali atagamula kale mlandu. “Alangizi, vuto ndi atambala anga, akalamba. Makina ali bwino, mwana wanga wandionetsa tchati, mzere wake ndi wowongoka.” Atambalawo anali atayamba kale kuwagulitsa. Titatsegula fayilo, mwana wawo anali atalemba `millis()` pambali pa kutentha, ndipo tinaona kuti nambalayo inkakwera, n'kugwera pansi, n'kuyambiranso, kangapo konse. Ndinawauza kuti, “Mayi, paliponse pamene nambalayi yabwerera m'mbuyo, kachipangizo kanazima, ndipo makina anu anazima nako.” Anafunsa funso loyenera: “Nanga ankazima nthawi yanji, ndipo kwa maola angati?” Fayiloyo inalibe yankho. Pambuyo pake iwo okha ndi amene anatulukira kuti wina pakhomopo ankazula pulagi usiku kuti atchajire foni pa soketi yomweyo. Fayilo ikanakhala ndi nthawi, akanaona tsiku loyamba lomwe kuti kuzimako kumayamba anthu akamakagona n'kutha akamadzuka, ndipo mazira enawo akanapulumuka, atambala akanatsala m'khola.

Chizolowezi chodalira mutu chija ndi chimene chikutipweteka. Munthu amati, “Ndikukumbukira kuti ndinayatsa Lolemba m'mawa, ndipo kamalemba mphindi zisanu zilizonse, ndiye ndingowerengera.” Kuwerengera kumeneko kumagwira ntchito mpaka pamene magetsi azima koyamba. Kuchokera pamenepo mizere yonse yotsatira yasuntha ndi maola amene simukuwadziwa. Ngakhale magetsi asazime, pulogalamu imene imadikira ndi `delay()` imataya kanthawi pa kulemba kulikonse. Sensa ya DS18B20 yokha imatenga pafupifupi magawo atatu mwa anayi a sekondi kuti ipime kamodzi. Pa mizere 288 ya tsiku limodzi zimenezi zimakwana mphindi zitatu ndi theka, ndipo pa masiku 21 mwataya kale kupitirira ola.

Palinso gulu lina limene limandidandaulitsa kwambiri, chifukwa linagula wotchi koma likuiwononga lokha. Wotchi yake ndi kachipangizo ka DS3231, kamene kali ndi kabatire kake kozungulira ndipo kamapitiriza kuwerenga nthawi magetsi atazima. Ndi kabwino ndithu, pa chaka chathunthu kamaphonya ndi mphindi imodzi kapena ziwiri basi. Koma anthu amakopera pulogalamu kwa anzawo osaiwerenga, ndipo m'kati mwa `setup()` mumakhala mzere uwu:

```
rtc.adjust(DateTime(F(__DATE__), F(__TIME__)));
```

Mzerewu umatchera wotchi pa nthawi imene pulogalamuyo inakonzedwa pa kompyuta, osati nthawi ya panopa. Tsiku loyamba umaoneka wolondola chifukwa nthawi ziwirizi zayandikana. Koma `setup()` imayenda nthawi iliyonse kachipangizo kakayaka. Ndiye magetsi akazima pa tsiku la 12 n'kuyakanso, wotchi imabwezedwa ku tsiku ndi ola limene munaika pulogalamu. Mudzazindikira vutoli mukaona tsiku limodzi ndi ola limodzi zikubwerabwera m'fayilo, ndipo pa tchati madontho a masiku osiyana amaunjikana pamalo amodzi. Fayilo yotere ndi yoopsa kuposa yopanda nthawi, chifukwa munthu amaikhulupirira. Mzerewo muzigwiritsa ntchito kamodzi potchera wotchi, kenako muuchotse n'kuikanso pulogalamu yopanda mzerewo. Kabatire kakatha mphamvu, `rtc.lostPower()` imakuuzani, ndipo pamenepo ndi pamene mutcherenso.

Tsopano onani usiku womwe uja wotchi ikuyenda bwino:

```
2025-03-14 01:30:00,37.60
2025-03-14 01:35:00,37.50
2025-03-14 07:50:00,24.80
2025-03-14 07:55:00,27.90
```

Manambala a kutentha ndi omwe aja. Koma tsopano aliyense atha kuona kuti pakati pa mzere wachiwiri ndi wachitatu padutsa maola 6 ndi mphindi 15. Nthawi imene kachipangizo sikanalembe kanthu ndi imene yakuuzani zambiri kuposa mizere ina yonse. Mukhozanso kuwerenga kuti makina anatenga nthawi yaitali bwanji kubwerera pa 37.5, ndipo ngati masabata akamapita akuchedwerachedwera kufikapo, yang'anani chotenthetsera kapena zitseko zimene sizikutsekeka bwino.

Pa tchati napo pali pokodwa. Kukhala ndi nthawi m'fayilo sikokwanira ngati mwasankha mtundu wolakwika. Mu Excel kapena LibreOffice Calc anthu amathamangira `Line`, ndipo mtundu umenewu kawirikawiri umatenga nthawi ngati dzina chabe la mzere, n'kuyalanso mizere motalikirana mofanana. Mpata wa maola asanu ndi limodzi uja wasowanso. Sankhani `Scatter`, imene mu Calc imatchedwa `XY (Scatter)`, nthawi ikhale cham'munsi, kutentha cham'mbali. Muike madontho okha, osawalumikiza, chifukwa mzere wolumikiza umadutsa pa mpatawo ngati kuti kachipangizo kanapima chinachake pamenepo. Ndi madontho okha, pamene magetsi anazima pamaoneka poyera popanda kanthu. Ngati tchati chikuonetsa 1, 2, 3 cham'munsi m'malo mwa masiku, pulogalamuyo yawerenga nthawi yanu ngati mawu wamba, ndiye tsegulaninso fayilo n'kuiuza kuti gawo loyambalo ndi la tsiku ndi nthawi.

Musanajambule, chotsani mizere ya -127 ndi ya 85. Yoyambayo imatanthauza kuti sensa sikuyankha, mwina waya wamasuka. Yachiwiriyo ndi nambala imene DS18B20 imakhala nayo ikangoyaka isanapime. Mazira anu sanafike pa madigiri 85. Mukazisiya, tchati chimatambasuka kuti zikwanemo, ndipo kusintha kwa digiri imodzi kumene mumafuna kuona kumangokhala ngati mzere wowongoka.

Zokonza n'zochepa. Lumikizani DS3231, pa Arduino Uno SDA ipite pa A4, SCL pa A5, ikani laibulale ya RTClib, ndipo polemba chitani motere:

```
char t[] = "YYYY-MM-DD hh:mm:ss";
File f = SD.open("kutentha.csv", FILE_WRITE);
if (f) {
  f.print(rtc.now().toString(t));
  f.print(',');
  f.println(c);
  f.close();
}
```

`c` ndi kutentha kumene mwawerenga pa sensa. Tsekani fayilo pa kulemba kulikonse monga mukuonera, apo ayi magetsi akazima mutaya mizere imene inali isanafike pa khadi. Dzina la fayilo lisapitirire zilembo 8 kadontho kasanafike, ndipo khadi likhale la FAT16 kapena FAT32. Musaope kuti nthawi idzaza khadi: kulemba mphindi zisanu zilizonse kwa masiku 21 ndi mizere 6048, imene siikwana ndi kota ya megabayiti imodzi. Amene angathe apatse kachipangizoka batire lakelake kuti kazilembabe makina atazima. Ndipo musanaike dzira ndi limodzi lomwe, kayatseni kwa ola, muzule pulagi kwa mphindi 20, mubwezere, kenako mutsegule fayilo pa kompyuta. Ngati mpata wa mphindi 20 uja sukuoneka pa tchati, musaike mazira mpaka mutapeza chifukwa chake.