Akati "tandikonzereni kalatayi" koma osanena chofuna kukonza: momwe mungachitire

Ku Mbare, Highfield, Mufakose kaya Mabvuku mu mzinda wa Harare, munthu amene amadziwika kuti amalemba Chichewa chomveka sapuma. Alembi a mpingo, alembi a bungwe la maliro ndi aphunzitsi opuma pantchito amalandira uthenga wofanana pa WhatsApp: "Tandikonzereni kalatayi ikhale bwino." Uthenga umathera pomwepo. Koma wina akatero akufuna mungochotsa zolakwika za kalembedwe, wina akufuna kalata ifupike, wina akufuna imveke mwaulemu, wina akufuna owerenga atulutse ndalama. Zofuna zimenezi zimakokana. Mukafupikitsa kwambiri ulemu umachepa, mukachulutsa ulemu pempho limabisika. N'chifukwa chake kuyamba kukonza musanadziwe chimene mwini wake akufuna kumawononga kalata imene inali pafupi kugwira ntchito.

Tiyerekeze kuti mayi wa ku Mufakose, wobadwira konkuno ku Harare, walembera amalume ake ku Dedza. Mayi ake anaikidwa ku manda a Granville, ndipo banja likufuna kumanga chiliza. Kalata ili ndi mawu pafupifupi 300. Theka lonse ndi malonje: za mvula, za ana, za matenda a azakhali. Pempho lili m'chiganizo chomaliza: "Ngati n'kotheka mutithandizeko 150 mwezi wamawa."

Poyamba werengani kalata yonse osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Mukamaliza, yesani kunena m'chiganizo chimodzi kuti ndani akulembera yani, kuti achite chiyani, pofika liti. Pa kalata ya mayiyu mukakamira pawiri. Kodi 150 ndi madola a ku America, ZiG ya ku Zimbabwe kapena makwacha? Nanga "mwezi wamawa" ndi uti, poti kalata ikhoza kukawerengedwa mwezi utatha kale? Apa mwaona kuti chimene chikanalepheretsa chiliza si galamala ayi.

Kenako funsani mwini kalata, koma samalani ndi kafunsidwe. Funso loti "Mukufuna ndikonze bwanji?" silithandiza, chifukwa yankho lake limakhala "Mmene mukuoneramo, inu ndinu odziwa." Munthu sakubisa kanthu. Sadziwa dzina la chimene chikumuvuta, koma amadziwa bwino anthu ake ndi nkhawa yake, ndiye funsani zimenezo. Kodi amalume adzawerenga okha pafoni, kapena wina adzawerenga mokweza banja lonse litakhala pakhonde? Akamaliza kuwerenga, mukufuna achite chiyani? Ndipo mukaiwerenga nokha, ndi pati pamene mtima ukukayika?

Funso lachitatuli ndilo limatsegula zambiri. Mayi wathuyu akhoza kuyankha kuti, "Achimwene, ndikuopa kuti amalume adzati mwana wa mlongo wawo anaiwala Chichewa, komanso sindifuna aone ngati ndikuwalamula." Tsopano mwadziwa kuti kwa iyeyu kalata yabwino ndi ya Chichewa choyera ndi yaulemu. Sanapemphe kuti ifupike. Wokonza amene anazolowera makalata a ku ofesi akanadula malonje onse n'kuika pempho pamzere woyamba, ndipo ku Dedza kalatayo ikanamveka yamwano: mwana wafika pakhomo n'kuyamba za ndalama asanafunse mmene anthu adzukira. Malonje amenewo ndi amene akupatsa mayiyu malo oyankhulira pamaso pa mwini mbumba. Asiyeni.

Alipo ena amene ngakhale muwafunse chotere amangoti "sindikudziwa". Musawaumirize. Tengani ndime imodzi yokha, makamaka ya pempho, muilembe mwa njira ziwiri, muwatumizire asankhe. Yoyamba: "Tikupempha madola 150 a ku America pofika pa 30 Juni kuti tilipire womanga chiliza." Yachiwiri: "Amalume, ife ana anu kuno tasonkha mbali yathu, koma tapereweredwa madola 150 a ku America. Tati tikudziwitseni monga eni mbumba, kuti ngati kumudziko kungapezeke kanthu, katipeze pofika pa 30 Juni, tsiku limene tinapangana ndi womanga." Munthu amene samatha kufotokoza chimene akufuna amachizindikira msanga akachiona. Akasankha, konzani kalata yonse motsatira ndime imeneyo. Kulemba kalata yonse kawiri n'kutaya nthawi, ndipo kumamusokoneza mwini wake.

Onani kuti m'zitsanzo ziwirizi muli zinthu zimene munalibe m'kalata yoyamba: mtundu wa ndalama, tsiku, ndi mawu oti ana asonkha kale mbali yawo. Zimenezi zichokere pakamwa pa mwini kalata, osati m'mutu mwanu. Maina, maudindo a pachibale, manambala, masiku ndi malonjezo si zanu zoti mukongoletse. Mukalemba kuti "tasonkha mbali yathu" chifukwa chakuti zikumveka bwino, pamene sanasonkhe, mwamuika mayiyu pa mlandu wa bodza pamaso pa abale ake. Chimodzimodzi mukasintha "azakhali" kukhala "amayi aang'ono" poganiza kuti analakwitsa: mwasamutsa munthu kuchoka kuchimuna kupita kuchikazi. Pamene mukukayika, ikani chizindikiro ndi kufunsa. Mufunsenso njira imene ndalama idzadzere, kaya pa Mukuru kaya ndi munthu wokwera basi yodzera ku Nyamapanda, chifukwa amalume akavomera adzafuna kudziwa potumiza, ndipo kalata iyenera kunena.

Pa chinenero, ambiri obadwira kuno amalowetsa mawu a Chishona osazindikira, monga "mari" m'malo mwa ndalama kapena "musangano" m'malo mwa msonkhano. M'kalata yopita ku Dedza asintheni, poti ndiyo nkhawa imene mwini wake watchula. Koma chikhala chidziwitso cha bungwe la maliro chopita kwa mamembala a ku Tafara, amene ena mwa iwo Chichewa amangochimva pang'ono, mawu omwewo akhoza kukhala othandiza, ndipo kuwachotsa n'kuika Chichewa chakuya kungachepetse anthu obwera ku msonkhano.

Nthawi zina munthu amatumiza kalata n'kuzimitsa foni, koma akuifuna madzulo omwewo. Zikatero konzani zokhazo zimene aliyense angavomereze kuti n'zolakwika: zilembo zosowa, mipumiro, mawu obwerezedwa mwangozi, mgwirizano wa mawu monga "ana wanga" m'malo mwa "ana anga". Zina zonse musazilowetse m'kalata. Zilembeni pansi pake ngati mafunso, osapitirira atatu, loyamba likhale limene lingalepheretse cholinga: "Simunanene kuti 150 ndi ndalama yanji." Mukampatsa ndemanga khumi, munthu amakhumudwa n'kutumiza yakale ija.

Pobweza ntchito, musafafanize kalata yoyamba. Ngati mukugwiritsa ntchito Word, yatsani Track Changes musanayambe kuti mwini wake aone chilichonse chimene mwasintha ndi kukana chimene sakuchifuna. Ngati ndi pafoni, tumizani yatsopano ngati uthenga wapadera, ndi mizere iwiri yonena zimene mwachita: "Ndasintha mawu anayi a Chishona, ndaika mtundu wa ndalama ndi tsiku monga munandiuzira, malonje sindinawakhudze."

Chomaliza, mupempheni awerenge mokweza, kaya pamaso panu kaya atumize mawu ojambula. Pamene akuphunthwa, kapena pamene akuima n'kunena kuti "ine sindiyankhula choncho", bwezeranipo mawu ake ngakhale anu akuoneka okoma. Amalume amadziwa mmene mwana wa mlongo wawo amayankhulira, ndipo akamva miyambi imene sanayambe wainenapo adzayamba kufunsa kuti walemba ndani m'malo moyankha za chiliza.