Kufinya ndi kusunga mkaka wa m'mawere popanda firiji

Lamulo la ntchito ku Malawi limapatsa mayi tchuthi chauchembere cha masabata osachepera 8, pomwe mwana amayenera kuyamwa bere lokha miyezi 6. Ambiri amabwerera kuntchito khanda lisanayambe phala, kunyumba kulibe firiji. Zikatero, chofunika kwambiri ndi kuwerenga maola.

Mkaka wofinya mwaukhondo, wovundikira bwino, umakhala maola 6 pamalo ozizira, ukapitirira kwambiri 8. M'nyengo yotentha, monga mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Salima, werengani maola 4 okha. Choncho mkaka wofinya usiku suyenera kudikira mawa masana.

Tiyerekeze mayi amanyamuka 7 koloko m'mawa n'kubwera 5 koloko madzulo. Ayamwitse mwana, kenaka afinye cha m'ma 6 koloko. Mkaka umenewu utha ntchito 12 koloko, kukatentha 10 koloko. Maola amasana ndiwo amavuta, ndipo apa mpofunika kupangana ndi mlezi: mwina abwere naye mwana nthawi ya nkhomaliro, mwina adzatenge mkaka wofinyidwa kuntchito. Ngakhale palibe wodzatenga, finyanibe maola atatu aliwonse. Bere likakhala lodzaza tsiku lonse limatupa, ndipo thupi limayamba kuchepetsa mkaka.

Pofinya, sambani m'manja ndi sopo. Konzani kabotolo kagalasi kakukamwa kwakukulu, kokhala ndi chotsekera, kotsuka ndi sopo n'kuthiramo madzi owira. Ikani chala chachikulu pamwamba ndi cholozera pansi, m'mphepete mwa khungu lakuda lozungulira nsonga ya bere. Kankhirani zala chakuchifuwa, panani, masulani zala, n'kubwerezanso. Musakoke nsonga, chifukwa zimenezo zimangopweteka, mkaka osatuluka. Sinthani bere pakatha mphindi 3 mpaka 5. Ntchito yonse imatenga mphindi 20 mpaka 30. Masiku oyamba mumangopeza timadontho, n'chifukwa chake ndi bwino kuyamba kuphunzira kutatsala masabata awiri kuti mubwerere kuntchito.

Khanda la miyezi iwiri kapena itatu limamwa mamililita 60 mpaka 120 nthawi imodzi. Gawani mkakawo m'timabotolo tiwiri kapena titatu, ndipo lembani ola pa kalikonse. Mwana akamwako, malovu amalowetsa tizilombo, motero wotsala utayidwe pakatha maola awiri.

Imikani timabotolo m'mbale yadothi kapena mumtsuko wa madzi ozizira, madziwo asafike pachotsekera, n'kufundika kansalu konyowa. Zikhale pamthunzi, kutali ndi mbaula. Mtsuko si firiji ayi, maola aja sasintha.

Mkaka ukakhala, mafuta amayandama pamwamba, pansi n'kuoneka ngati madzi. Alezi ambiri amautaya poganiza kuti wawonongeka, koma ungofunika kuzunguza pang'ono kuti usakanikirane. Wowonongeka umanunkha chosasa ndipo zibuluma zake sizisungunuka. Musauwiritse. Ngati wazizira, viikani kabotolo m'madzi ofunda.

Mlezi amwetse ndi kakapu, osati botolo lansonga lomwe limavuta kutsuka. Akhazike mwana chotsamira, kakapu kakhudze mlomo wam'munsi, mkaka ungofika pamlomo mwanayo azimwa yekha. Kumutsanulira m'kamwa kumamutsamwitsa.