Kupanga mafunso kuchokera pa tebulo la kalembera

Aphunzitsi a jogirafe, mukalemba tebulo pa bolodi musathamangire funso lakuti "chifukwa chiyani". Ana ayambe aligwira tebulolo ndi manja awo.

Titenge chiwerengero cha anthu m'Malawi monga kalembera anachipezera, mozungulitsa manambala: mu 1977 anthu analipo 5.5 miliyoni, mu 1987 analipo 8.0 miliyoni, mu 1998 analipo 9.9 miliyoni, mu 2008 analipo 13.1 miliyoni, ndipo mu 2018 anafika 17.6 miliyoni.

Funso loyamba likhale longowerenga: "Anthu analipo angati mu 1998?" Limodzi ndi lokwanira. Ntchito yake ndi kukuonetsani amene sanaone mawu akuti miliyoni pamwamba pa tebulo. Mwana akayankha kuti "9.9" n'kukhala pansi, bwererani pamenepo musanapitirire.

Pamene pali phindu lenileni ndi pa mafunso awiri amene amaoneka ngati amodzi. Funsani kuti, "Ndi pakati pa akalembera ati pamene panawonjezeka anthu ambiri?" Akachotsera apeza 4.5 miliyoni, kuchokera mu 2008 kufika mu 2018. Kenaka funsani kuti, "Nanga chiwerengero chinakula mofulumira kwambiri liti?" Ambiri abwereza yankho lomwe lija, ndipo alakwa. Auzeni agawe anthu owonjezekawo ndi chiwerengero cha poyambira. Akagawa 4.5 ndi 13.1 apeza pafupifupi 34 pa 100 aliwonse, koma akagawa 2.5 ndi 5.5, ya 1977 kufika 1987, apeza pafupifupi 45. Ine ndimakonda kuwasiya atsutsane okha pang'ono ndisanalowererepo, chifukwa mwana akadzigwira yekha kulakwa saiwalanso.

Onetsetsaninso zaka. Kuchokera mu 1987 kufika mu 1998 ndi zaka 11, osati 10. Mukawauza ajambule girafu, yang'anani ngati atalikitsako mpata umenewo.

Tsopano mungafunse chifukwa. M'zaka 11 zimenezo anthu anangowonjezeka ndi 1.9 miliyoni, pafupifupi 24 pa 100, kutsika kuchoka pa 45 uja. Tebulo palokha silinena chimene chinachitika, choncho funso lanu lisanamize mwana kuti yankho lili m'manambalamo. Lembani motere: "Pogwiritsa ntchito zimene mukudziwa, perekani chifukwa chimodzi chimene chingafotokoze kutsikaku." Yankho labwino litchula anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene analowa m'dziko muno ambirimbiri m'zaka za m'ma 1980 n'kubwerera kwawo mtendere utasainidwa mu 1992, kapena imfa za Edzi. Mwana wa ku Nsanje kapena ku Dedza mwina anamvapo za anthu othawawo kwa agogo ake. Mpatseni mpata anene.

Musanalowe m'kalasi, yankhani nokha funso lililonse papepala, ndipo mulembe malikisi ake: imodzi ya njira yowerengera, imodzi ya yankho lokhala ndi mawu akuti miliyoni kapena pa 100.