Momwe mungajambulire mzere wosonyeza nthawi imene makasitomala amakusiyani

Tiyerekeze kuti mumagulitsa intaneti yolipira pamwezi ku Area 25 ndipo m'kope mwanu muli mayina 100. Kuti anthu akuchoka mukudziwa kale. Chimene mzerewu umaonetsa ndi mwezi umene amachokera. Njirayi adaifalitsa akatswiri a masamu Kaplan ndi Meier mu 1958.

Yambani ndi kuiwala kalendala. Wolowa mu Januwale ndi wolowa mu Meyi, aliyense muwerengereni miyezi kuyambira tsiku limene adalipira koyamba. Ikaninso lamulo la kuchoka, mwina masiku 30 osalipira, poti wina amangokhala akudikira malipiro amene achedwa kuntchito.

Tsopano masamu. Mwezi woyamba mudali ndi anthu 100, ndipo 30 sadalipirenso. Otsala ndi 70 pa 100, kapena 0.70.

Pamwezi wachiwiri ndi pamene ambiri amaphonya. Mwa 70 aja, 10 angolowa kumene ndipo mwezi wawo wachiwiri sunathe. Sadachoke, komanso simunganene kuti akhazikika, choncho achotseni pa chiwerengero cha mweziwo. Mwatsala ndi 60. Ngati 6 adachoka, 54 pa 60 ndi 0.90. Chulukitsani ndi 0.70 ija, mupeza 0.63. Mukawawerenga 10 aja ngati okhala, mzere udzakunamizani kuti zinthu zili bwino.

Mu Excel ikani mwezi mu A, amene mudayamba nawo mweziwo mutachotsa aja amene mwezi wawo sunathe mu B, ochoka mu C. Mwezi woyamba ukhale pa mzere 2. Mu D2 ndi D3 lembani izi, kenako kokerani D3 pansi:

```
=1-C2/B2
=D2*(1-C3/B3)
```

Mukajambula manambala a mu D mwezi ndi mwezi, chithunzi chake chimatsika ngati masitepe, sichikwera.

Chikagwa kwambiri poyamba kenako n'kuyenda mopingasa, monga 0.70 ndi 0.63 yathuyi, vuto lili pa masabata oyamba. Mwina netiweki sifika bwino m'nyumba zina, mwina mudalonjeza liwiro limene kulibe. Fufuzani kumeneko, poti odutsa pamenepo amakhalitsa. Chikamatsika pang'onopang'ono osaima, ndiye kuti ngakhale akale sakukhazikika, ndipo ine ndimaopa chimenechi kuposa choyamba chija. Chikayenda bwino n'kugwa phompho pa mwezi wachitatu, onani ngati si pamene mtengo wotsitsa wa obwera kumene umathera.

Pamene mzere wadutsa 0.50 ndi mwezi umene theka la makasitomala limakhala litapita. Koma kumapeto kwa mzere musakukhulupirire kwambiri: mukatsala ndi anthu 4, mmodzi kungosamukira ku Kawale mzere ugwa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, pomwe intaneti yanu ilibe vuto lililonse.