Kulemba gawo la ndalama kuchokera pa manotsi ojambula

"Achimwene, ndakutumizirani zithunzi za manotsi anga a geni ya chipisi pa Lizulu. Gawo la ndalama ndililemba bwanji mu pulani?"

Choyamba, mlongo, koperani mzere ndi mzere, muli ndi kope lenilenilo pambali. Pa chithunzi chachiwiri 1 wanu akufanana ndi 7, ndipo mtengo wa kachewere simunanene ngati ndi wa ndowa kapena wa thumba.

Mukatero gawani patatu. Zogula kamodzi, chiwaya, tebulo ndi mbale, zikukwana K180,000. Zolipira mwezi ndi mwezi, mugulitse musagulitse, ndi lendi K30,000 ndi mnyamata wokazinga K60,000, zonse K90,000. Gulu lachitatu ndi zolowa m'mbale imodzi: kachewere, mafuta, nkhuni, kabichi. Apa mpomwe ambiri amadzinamiza. Kazingani ndowa imodzi, muwerenge mbale zotulukamo, mugawe zimene mwawononga ndi mbalezo. Tinene kuti zapezeka K900.

Mukagulitsa mbale pa K1,500, mukutsala ndi K600. Gawani K90,000 ndi K600: mbale 150 pamwezi, zisanu patsiku. Pamenepo simunapindule, simunaluzenso. Kuti K180,000 ija ibwerere, pafunika mbale zina 300 pamwamba pake.

Lembaninso mwezi umene munafunsa mitengoyo, poti kachewere akasowa K900 ija imakwera.