Cheke cha deti lam'tsogolo chabwerera kubanki: zoyenera kuchita kuti ndalama zanu zisalowe m'madzi

Amalonda ambiri pa Dedza boma, ku Lizulu ngakhale ku Ntcheu boma amalandirako cheke cholembedwa deti lam'tsogolo, makamaka kuchokera kwa makontirakitala ndi ogula katundu wambiri nthawi imodzi. Lamulo la macheke m'dziko muno, Bills of Exchange Act, silikana cheke chotere. Koma chomwe mwagwira m'manja ndi lonjezo lolembedwa, si ndalama. Ngongole ya kasitomala imakhalabe yamoyo mpaka banki italipiradi, ndipo zonse zimene ndifotokoze pano zatsamira pa mfundo imeneyi.

Tiyerekeze kuti muli ndi shopu ya zipangizo zomangira pa Dedza boma. Pa 28 Meyi kontirakitala amene akumanga cha ku Mayani watenga simenti ndi malata a K2,400,000. Wapereka K400,000 pamanja, ndipo pa K2,000,000 yotsalayo walemba cheke cha pa 30 Juni, ati pofika tsikulo amene anamupatsa ntchito adzakhala atamulipira. Inu mwadikira, mwakachiika kubanki pa 30 Juni, ndipo patapita masiku ochepa uthenga wabwera woti chabwerera. Pamsika timati chabaunsa.

Choyamba, pitani kunthambi ya banki yanu mukamve chifukwa chake, ndipo chifukwacho akupatseni cholembedwa. Osakhutira ndi mawu apakamwa a pakauntala. Pemphani chekecho, kapena chithunzi chake chodindidwa ngati pepala lenileni silikubwezedwa, pamodzi ndi kalata yosonyeza kuti chakanidwa ndi sitetimenti yoonetsa tsiku limene ndalamazo zinachotsedwanso mu akaunti yanu. Mapepala amenewa ndiwo umboni wanu kulikonse kumene nkhaniyi ingakafike.

Chifukwa chimene banki yalemba ndicho chikuuzeni njira yoti mutsate, choncho chiwerengeni mofatsa. Mawu oti "Refer to drawer" kapena "Insufficient funds" kawirikawiri amatanthauza kuti mu akaunti ya kasitomala munalibe ndalama zokwanira. Apa munthuyo akhoza kukhala woona mtima amene malipiro ake achedwa. "Payment stopped" ndi nkhani ina: mwini wake analamula yekha banki kuti isalipire, ndiye kuti pali mkangano pa katundu kapena wasankha kukuzembani. "Account closed" ndi choipitsitsa, chifukwa akauntiyo inatsekedwa ndipo chekecho sichidzalipidwanso ngakhale mutachibwezako kangati. Palinso zifukwa za kalembedwe chabe, monga siginecha yosiyana ndi imene banki imaidziwa, ndalama za m'mawu zosiyana ndi za m'manambala, kapena pofufutidwa popanda mwini kusainapo. Zimenezi zimakonzeka ndi cheke chatsopano, ngakhale kuti alipo ena amene amalakwitsa dala siginecha kuti apezerepo masiku.

Onaninso ngati vuto silinachokere kwa inu. Mukapereka cheke deti lake lisanakwane, chimabwezedwa ndi mawu oti "Post-dated", ndipo kasitomala sanalakwe kalikonse, dikirani tsikulo. Mukachisunga m'dirowa kupitirira miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pa deti lolembedwapo, mabanki amachiyesa chogonera ndipo salipira. Ngongole ikadalipo, koma mufunika cheke china.

Chachiwiri, mudziwitseni kasitomala tsiku lomwelo, kapena mukachedwa tsiku lotsatira. Lamulo limafuna kuti wolemba cheke auzidwe mwamsanga kuti chakanidwa, ndipo kuchedwa kumangompatsa pothawira. Imbani foni, inde, mwaulemu: "Bambo, cheke chija chabwerera, banki yalemba kuti ndalama sizinakwane. Tichita bwanji?" Koma mukangodula foni tumizani uthenga wolemba wokhala ndi nambala ya cheke, deti lake, ndalama zake ndi chifukwa chimene banki yapereka. Yankho loti "pepani, ndikonza sabata yamawa" lisungeni bwino, chifukwa ndi kuvomera ngongole kolembedwa ndi dzanja lake. Ngati chekecho chinali cha munthu wina, kasitomala wanu anangokupatsirani, auzeni onse awiri.

Chachitatu, konzani mabuku anu tsiku lomwelo. Pano ndi pamene ambiri amadzipweteka okha. Pa 28 Meyi cheke chija sichinayenera kulembedwa ngati ndalama zolowa. Malo ake ndi tsamba lapadera la macheke odikira deti, ndipo dzina la kontirakitala likhalebe pa mndandanda wa angongole. Ngati munalemba kuti walipira pamene munachiika kubanki, bwezerani K2,000,000 ija pa dzina lake ndipo muichotse pa ndalama za kubanki. Banki ikakudulani kenakake chifukwa cha cheke chobwerera, tinene K25,000 mwachitsanzo, ionjezeni pa ngongole yake ndipo mumuuze, ikhale K2,025,000. Kenako yang'anani malipiro amene inuyo munakonza podalira ndalamazo. Ngati munalonjeza wokugulitsani simenti ku Lilongwe kuti mumulipira sabata yomweyo, muimbireni msanga, lisanafike tsiku loti nanunso muoneke wosakhulupirika. Ndipo mtsogolomu muzikumbukira kuti ndalama za cheke zimatha kuoneka pa sitetimenti zisanatsimikizike. Zanu zenizeni ndi zimene zili pa "Available balance".

Tsopano funso lovuta: kodi muchibwezenso kubanki? Ngati chifukwa chinali kuperewera kwa ndalama, ndipo banki yanu yanena kuti chikhoza kuperekedwanso, mungathe kutero kamodzi, pa tsiku limene kasitomala walemba yekha kuti ndalama zalowa. Kupitirira apo ndi kungodyetsa banki ndalama zodula. Ine ndimaona kuti munthu amene akunena kuti ndalama zilipo tsopano alibe chifukwa cholembera cheke china: atumize kuchokera mu akaunti yake kupita mu yanu, kapena akaike yekha pakauntala, muone uthenga wa banki muli limodzi. Akaumirira cheke china cha deti lam'tsogolo, dziwani kuti akugula nthawi.

Chinthu chimodzi musachite: kumubwezera cheke chobwereracho, kapena mapepala a banki aja, ndalama zisanalowe zonse. Ena amabwera ndi nkhope yachisoni n'kunena kuti "ndipatseni ndikachisinthe." Mukapereka, mwataya umboni wamphamvu kwambiri umene munali nawo, chifukwa cheke chosainidwa chimadzinenera chokha kuti munthuyu anavomera kulipira ndalama zakutizakuti. Mpatseni fotokope.

Nthawi zambiri kasitomala amabwera ndi theka. Landirani, ndalama yobwera saikana, koma lembani bwino. Tinene kuti kontirakitala uja wabweretsa K800,000. Lisiti linene kuti ndi gawo chabe la ngongole ya cheke nambala yakuti, ndipo yotsala ndi K1,225,000. Mukangolemba kuti "walipira" osatchula chotsala, tsiku lina adzanena kuti munagwirizana kuthera pomwepo. Pa yotsalayo lemberanani pangano lachidule: ndalama zingati, pa madeti ati, kudzera njira iti, ndi kuti akaphonya kamodzi yonse yotsala ifunika nthawi imodzi. Asaine iye, musaine inu, pakhale mboni ziwiri. Kuyambira pamenepo cheke cha K2,000,000 chija musachiikenso kubanki, popeza mukhala mukufuna zoposa zimene akuyenera kukupatsani. Chingokhala umboni mu fayilo. Katundu wina wangongole asatengenso mpaka atamaliza, ngakhale akhale mnzanu wa kutchalitchi.

Akayamba kusayankha foni, lembani kalata yoitanitsa ngongole. Ikhale yaifupi: katundu amene anatenga ndi deti lake, nambala ya invoisi, za chekecho, ndalama zotsala, ndi masiku amene mukumupatsa, asanu ndi awiri kapena khumi ndi anayi, musanapite kukhoti. Samalani ndi dzina la wolandira. Ngati cheke chili m'dzina la kampani yolembetsedwa ngati limitedi, wangongole ndi kampaniyo, osati bwana amene anasaina, choncho kalata ndi mlandu zilunjike ku dzina limene lasindikizidwa pa cheke. Ngati ndi bizinesi ya munthu payekha yongokhala ndi dzina, mwini wakeyo ndiye woyankha. Kalatayo ikaperekedwe pamanja, wolandira asaine pa kope yanu ndi kulembapo deti. Kalata ya loya imaluma kuposa yanu, koma funsani mtengo wake kaye, muyerekeze ndi ngongoleyo.

Masiku aja akatha, pitani kukhoti la majisitireti la m'boma lanu ndi fayilo yonse: invoisi, pepala losonyeza kuti katundu analandiridwa, cheke, kalata ya banki, mauthenga a pafoni, pangano ndi kalata yanu. Akalaliki a khoti adzakuuzani ngati ndalamazo zili mu mphamvu ya khotilo kapena zifunika Khoti Lalikulu, ndi zolipira kuti chisamani chituluke. Mukapambana iye osalipirabe, ndi khoti limene limatuma masherifi kukagwira katundu wake. Lamulo limapereka zaka zisanu ndi chimodzi zosumira ngongole ya mtundu uwu, koma musadalire zimenezo. Kontirakitala akamaliza ntchito ku Mayani n'kusamukira kwina, kumupeza kuti alandire chisamani kumasanduka ntchito ina payokha.

Za apolisi tinene mosabisa. Ambiri amathamangira kupolisi poganiza kuti munthu akagona m'chitokosi ndalama zituluka. Cheke chobwerera pachokha kawirikawiri ndi nkhani ya ngongole, ndipo apolisi si otolera ngongole. Imakhala nkhani yawo pamene pali zizindikiro zoti munthuyo anabwera kudzakuberani mwachinyengo kuyambira pachiyambi: akaunti inali itatsekedwa kale tsiku limene amalemba cheke, buku la macheke si lake, siginecha ndi yabodza, kapena mwamva kuti amalonda ena pamsika anawachita zomwezo. Zikatero kadandauleni msanga ndi mapepala anu, koma mlandu wa ngongole musausiye, chifukwa kumangidwa kwa munthu sikukubwezerani ndalama pakokha.

Mtima ukawawa, pamabwera maganizo otenga anyamata ndi lole kukazula malata pamalo omanga, kapena kuika chithunzi cha cheke ndi dzina lake pa gulu la WhatsApp la amalonda. Zonse ziwiri zikhoza kukusandutsani woimbidwa mlandu, wina wolanda katundu mwamphamvu, wina woipitsa mbiri ya munthu, pamene mlandu wanu unali woyera.

Kasitomala wina akadzabwera ndi cheke cha deti lam'tsogolo, musachite manyazi kupempha gawo lalikulu pamanja, kulemba nambala ya chiphaso chake cha unzika kuseri kwa invoisi, ndi kuonetsetsa kuti akusaina inu mukuona. Ngati ndalama zake ndi zochuluka moti zitabwerera shopu ingagwedezeke, gawani katunduyo: theka atenge lero, theka linalo adzatenge banki ikatsimikiza kuti cheke chadutsa.